Mafunso ndi mayankho: Ndani ayenera kulandira ndalama za sosho kashi, ndipo wodandaula apite kuti?

Ndondomeko ya boma yopatsa ndalama mabanja osauka kwambiri, imene anthu ambiri amaichula kuti sosho kashi, inayamba m'caka ca 2003 m'boma la Kalomo ku cigawo ca kum'mwera. Ku cigawo ca kum'mawa inafika m'boma la Chipata mu 2006 ndi m'boma la Katete mu 2007, ndipo m'caka ca 2024 mabanja okwana 1.3 miliyoni m'dziko lonse la Zambia anali m'kaundula wa olandira. Nchitoyi ili m'manja mwa Unduna wa Citukuko ca Midzi ndi Zosamalira Anthu, kupyolera mu ofesi ya sosho welofeya imene ili m'boma lililonse. Mafunso ali m'munsimu akufotokoza malamulo osankhira mabanja ndiponso njira yoperekera dandaulo.

Funso: Kodi ndalamazi zimaperekedwa kwa munthu kapena kwa banja?

Yankho: Zimaperekedwa kwa banja, ndiko kuti anthu onse okhala pakhomo limodzi amene amadya za mumphika umodzi. Munthu m'modzi ndiye amalembedwa kukhala wolandira m'malo mwa onse, koma ndalamazo ndi za pakhomo ponse. Conco ngati pakhomo pali agogo aamuna ndi agogo aakazi, onse awiri okalamba, banjalo limalandira gawo limodzi cabe. Madandaulo ambiri amabuka cifukwa ca kusamvetsa lamulo limeneli, pamene munthu aganiza kuti dzina lake laiwalika koma pakhomo pake pali kale wina amene alandira.

Funso: Ndi mabanja otani amene angalembedwe?

Yankho: Banja liyenera kupyola pa zipata zitatu, ndipo kulephera pa cipata cimodzi ndiko kulephera zonse. Cipata coyamba ndi ca malo: banjalo liyenera kukhala kuti lakhala m'dera limenelo kwa miyezi 6 kapena kuposerapo mosalekeza.

Cipata caciwiri ndi ca mtundu wa banja. Pali magulu asanu. Loyamba ndi banja limene muli munthu wokalamba. Laciwiri ndi banja limene muli munthu wolemala kwambiri. Lacitatu ndi banja limene muli munthu wodwala matenda okhalitsa amene afika poti acipatala angomuthandiza kucepetsa ululu. Lacinai ndi banja limene mutu wake ndi mwana. Lacisanu ndi banja limene mutu wake ndi mai wosunga ana atatu kapena kuposerapo a zaka 18 kutsika pansi.

Cipata cacitatu ndi ca umphawi. Banja likhoza kukhala m'gulu limodzi la magulu asanuwo, koma ngati lipezeka kuti lili ndi podalira, silidzalembedwa. Mwacitsanzo, nkhalamba ya zaka 70 imene ili ndi nyumba zocititsa lendi ndi cigayo yapyola pa cipata caciwiri, koma pa cacitatu idzagwa.

Funso: Nanga banja losauka kwambiri limene silili m'magulu asanuwo?

Yankho: Malamulo a sosho kashi salilola, ngakhale umphawi wake ukhale woonekeratu. Mwamuna ndi mkazi a zaka za m'ma 30, athanzi lao, osunga ana asanu m'nyumba yodontha, sali m'gulu lililonse. Cimodzimodzinso mai wamasiye wa ana awiri, pokhapokha ngati pakhomo pake pali wokalamba, wolemala kwambiri kapena wodwala wa mtundu uja. Colinga ca ndondomekoyi ndi kufikira mabanja amene ali osauka ndiponso alibe manja okwanira ogwira nchito. Banja lotere likapereka dandaulo lakuti lasiyidwa, yankho silidzasintha, koma likhoza kufunsa ku ofesi ya sosho welofeya za thandizo la mtundu wina, monga la mbeu ndi feteleza limene undunawu umapereka kwa alimi osauka amene ali ndi mphamvu zolima.

Funso: Kodi kulemala ndi matenda zimatsimikizidwa bwanji?

Yankho: Mau a pakamwa sakwanira, ngakhale a nyakwawa. Pafunika pepala locokera kwa wa zaumoyo amene wamupima munthuyo, kapena khadi la bungwe la boma loona za anthu olemala la ZAPD. Cofunika kuzindikira ndi liu lakuti "kwambiri". Si kulemala kulikonse kumene kumalowetsa banja m'gulu limeneli, koma kuja kumene kumalepheretsa munthu kudzigwirira nchito kapena kudzisamalira yekha. Momwemonso si wodwala aliyense wakumwa mankhwala tsiku ndi tsiku amene amawerengedwa. Munthu wakumwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena otalikitsa moyo, amene akulima ndi kuyenda bwino-bwino, sali m'gulu la odwala lija.

Funso: Kodi kusankha kumayenda motani kucokera paciyambi?

Yankho: Coyamba, anchito a sosho welofeya pamodzi ndi komiti ya m'dera ya CWAC, imene anthu amaichula kuti siwaki, amaitanitsa msonkhano ndi kufotokoza malamulo. Mamembala a komitiyi ndi anthu odzipereka osankhidwa ndi anzao a m'dera lomwelo. Pambuyo pake mabanja amene aona kuti ali m'magulu aja amalembetsa maina, ataonetsa citupa ca NRC, cimene ambiri amati reji, ndi pepala la kucipatala ngati lifunika.

Mainawo amawerengedwa pa msonkhano wa anthu onse, kuti anthu anene ngati pali wolembedwa molakwika kapena woyenera amene wasiyidwa. Kenaka olemba amayendera khomo lililonse ndi kufunsa za anthu okhala pamenepo, za denga ndi zipupa za nyumba, kumene banja limatunga madzi, cimbudzi, cimene limaphikira ndi kuunikira, ndiponso katundu amene lili naye. Mayankhowo amalowetsedwa m'makina a unduna ochedwa ZISPIS, amene amayerekezera umphawi wa mabanjawo. Maina amene apyola amabwereranso ku msonkhano wa m'dera kuti atsimikizidwe, ndipo otsalawo ndiwo amalowa m'kaundula wa olandira.

Apa pali mfundo ziwiri zofunika. Yoyamba ndi yakuti kulembetsa dzina si kusankhidwa. Yaciwiri ndi yakuti misonkhano yowerenga maina ija ndiyo nthawi yabwino koposa yokonza colakwa. Munthu wokhala cete pa msonkhano, n'kudzadandaula anzake atayamba kulandira, amakhala atadzitalikitsira yekha njira.

Funso: Kodi nyakwawa, khansala kapena wa komiti angathe kulowetsa kapena kucotsa dzina?

Yankho: Iyai. Atsogoleri a m'dera amathandiza kuitana anthu ndi kucitira umboni za amene akhala m'mudzi, koma alibe mphamvu yolowetsa banja m'kaundula kapena kulicotsamo paokha. Kulembetsa ndi kwaulere, ndipo sikuyang'ana cipani, mpingo kapena mtundu wa munthu. Aliyense wopempha ndalama, nkhuku kapena cinthu cina kuti alembe dzina akucita katangale.

Funso: Kodi banja limalandira zingati, ndipo liti?

Yankho: Ndalamazi zimawerengedwa pa mwezi koma zimaperekedwa kamodzi pa miyezi iwiri. M'caka ca 2017 banja linali kulandira K90 pa mwezi. Mu 2021 zinakwera kufika pa K150, ndipo mu 2022 zinafika pa K200, pamene banja losunga munthu wolemala kwambiri linali kulandira K400. Cifukwa ca cilala ca mu 2024 boma linaonjezera K200 pa mwezi, ndipo mu 2025 banja wamba linali kulandira K400 pa mwezi, ndiko kuti K800 pa malipiro amodzi, pamene banja losunga wolemala kwambiri linali kulandira K600 pa mwezi, ndiko kuti K1,200 pa malipiro amodzi.

Kukula kwa banja sikusintha ciwerengeroci. Banja la anthu atatu ndi la anthu khumi amalandira mofanana. Kukhala m'magulu awiri, monga kusunga wokalamba ndiponso kukhala mai wa ana anai, sikuonjezera kanthu. Cimene cimaonjezera ndi kulemala kwambiri kokha. Wolandira ayenera kufunsa ku ofesi kapena kwa a komiti za ciwerengero ca caka cimeneco, kuti adziwe msanga ngati wapatsidwa zopereweza.

Funso: Kodi ndalamazi zimafika bwanji m'manja mwa wolandira?

Yankho: Pali njira ziwiri. M'madera ena ndalama zimaperekedwa pamanja ndi woyang'anira malo olipirira, amene kawirikawiri amakhala wanchito wa boma monga mphunzitsi kapena wa zaumoyo. Wolandira amaonetsa citupa cake, amawerenga ndalamazo pamaso pa wolipira, ndipo pambuyo pake ndi pamene amasaina kapena kudinda cala. Kudinda cala asanawerenge ndi kumene kumavutitsa dandaulo la ndalama zopereweza, cifukwa pepala limakhala likuonetsa kuti munthuyo walandira zonse.

M'madera ena ndalama zimatumizidwa pa foni kapena ku banki. Pamenepa vuto lofala ndi la nambala ya foni yolembedwa m'dzina la munthu wina, kapena nambala imene yatsekedwa cifukwa ca kusagwiritsidwa nchito kwa nthawi yaitali. Nambala yacinsinsi ya PIN ndi ya mwini yekha. Palibe wanchito wa unduna amene ali ndi cifukwa coifunsira pa foni, ndipo wotumiza uthenga wakuti munthu alipire kandalama kuti sosho kashi yake ituluke ndi mbala.

Wokalamba kapena wodwala amene sangathe kuyenda amaloledwa kulembetsa munthu womukhulupirira kuti azimutengera ndalama. Womutengerayo ndi mtumiki cabe. Ngati adya ndalamazo, mwini wake ali ndi ufulu wopempha kuti asinthidwe.

Funso: Kodi ndi madandaulo otani amene amalandiridwa?

Yankho: Ndi bwino kusiyanitsa mitundu itatu, cifukwa uliwonse uli ndi njira yake. Mtundu woyamba ndi wa kasankhidwe: banja loyenera lasiyidwa, kapena banja losayenera lalowetsedwa. Mtundu waciwiri ndi wa malipiro ndi zolembedwa: ndalama sizinafike, zafika zopereweza, dzina kapena nambala ya citupa inalembedwa molakwika, kapena wolandira wamwalira ndipo banja lifuna kulembetsa wina. Mtundu wacitatu ndi wa khalidwe la anthu oyendetsa nchitoyi: kudula ndalama za olandira, kupempha ciphuphu, kuopseza kuti dzina lidzacotsedwa, kapena kuumiriza mai kapena mtsikana kugonana kuti alembedwe.

Mitundu iwiri yoyambayo imakonzedwa ndi unduna weniweniwo. Mtundu wacitatu ndi mlandu, ndipo suthera m'manja mwa unduna wokha.

Funso: Wodandaula ayambire kuti?

Yankho: Njira yapafupi ndiyo kuuza membala wa komiti ya siwaki, amene ayenera kufikitsa nkhaniyo ku ofesi ya sosho welofeya. M'madera ambiri muli mapepala olembapo madandaulo ndi mabokosi oponyamo mapepalawo. Wosadziwa kulemba angapemphe munthu amene amukhulupirira kuti amulembere, ndipo amuwerengere zimene walemba asanaponye pepalalo. Munthu alinso ndi ufulu wopita yekha ku ofesi ya sosho welofeya ya m'boma lake. Palibe lamulo lomukakamiza kupyolera mwa munthu amene akumudandaulayo. Ngati vuto lili ndi wa komiti kapena wolipira, wodandaula alumphe ameneyo ndi kupita ku ofesi ya m'boma.

Ofesi ya m'boma ndiyo imafufuza. Imayang'ana zolembedwa m'makina, imafunsa a komiti, ndipo ngati kufunika imayendera banjalo. Nkhani imene yalephereka pa boma imapita ku ofesi ya cigawo, ndipo kucoka kumeneko imapita ku likulu la unduna ku Lusaka. Kupereka dandaulo ndi kwaulere, ndipo si cifukwa cocotsera banja m'kaundula.

Funso: Kodi dandaulo labwino liyenera kukhala ndi ciani?

Yankho: Liyenera kuchula dzina la wolandira monga lalembedwera pa citupa, nambala ya citupaco, mudzi ndi dzina la dera la komiti, cimene cacitika, tsiku kapena mwezi umene cinacitika, ndiponso kuculuka kwa ndalama ngati nkhani ndi ya malipiro. Dandaulo lakuti "ndalama sizibwera" limavuta kufufuza. Dandaulo lakuti malipiro a Marichi ndi Epulo sanafike pa nambala yakuti-yakuti pamene anzake a m'dera lomwelo analandira, limasonyeza wofufuza pamene angayambire. Wodandaula asunge uthenga wa pa foni ndi mapepala onse, ndipo alembe tsiku limene wapereka dandaulo ndi dzina la amene walilandira. Zimenezi ndizo adzaonetsa akadzapita kukafunsa za yankho, kapena akafuna kukweza nkhaniyo ku cigawo.

Funso: Kodi zonsezi zimaoneka bwanji pa banja lenileni?

Yankho: Mwacitsanzo, pakhale mai wamasiye wa zaka 47 wa m'boma la Katete, amene wakhala m'mudzi mwake zaka zambiri. Asunga ana ake atatu a zaka 15, 11 ndi 7, ndiponso mdzukulu wa zaka 4. Nyumba yake ndi ya udzu, madzi amatunga pa citsime, ndipo alibe ng'ombe kapena njinga. Pa cipata ca malo wapyola. Pa cipata ca mtundu wa banja wapyolanso, pakuti ndi mutu wa banja wosunga ana anai. Analembetsa, olemba anafika pakhomo, koma pa msonkhano wotsiriza dzina lake silinamveke.

Maiyu apita ku ofesi ya sosho welofeya ndi reji yake, makadi a kusikelo a ana aang'ono ndi mapepala a kusukulu a ana aakulu, ndipo apempha kudziwa cipata cimene anagwera. Mayankho angakhale atatu. Ngati zipezeka kuti wolemba analemba ana awiri okha cifukwa ena anali kusukulu tsikulo, kapena analemba malemu mwamuna wake monga mutu wa banja, ndiye kuti colakwa cili m'zolembedwa, ndipo mapepala amene wabweretsa ndiwo umboni wopemphera kuti zikonzedwe. Ngati zolembedwa zili zoona koma makina anamuika pakati pa mabanja opezako bwino, angapemphe kuti khomo lake lionedwenso, ndipo achule zimene aganiza kuti zinalembedwa mosayenera, monga ngolo ya mlamu wake imene inali pabwalo tsiku la kalembera. Ngati wapyola zipata zonse koma ciwerengero ca mabanja cimene boma la Katete linapatsidwa cakwana, palibe colakwa cokonza, ndipo ayenera kuyembekezera nthawi imene unduna udzalandiranso mabanja atsopano.

Maiyu atalowa m'kaundula, pa mitengo ya mu 2025 ayenera kulandira K800 pa miyezi iwiri. Ngati wolipira amupatsa K700 ndi kunena kuti K100 ndi ya mayendedwe kapena ya komiti, akane kudinda cala, auze anthu amene ali pamzerepo kuti akhale mboni, ndipo apereke dandaulo ku ofesi ya m'boma. Palibe ndalama imene wolipira kapena wa komiti aloledwa kudula. K100 pa malipiro alionse ndi K600 pa caka, ndipo ngati wolipirayo acita zimenezi kwa mabanja 50 ndiye kuti watenga K30,000.

Ngati mdzukulu uja pambuyo pake apezeka ndi kulemala kwakukulu, banjali silifunika kulembetsanso ngati lacilendo. Maiyu apereke pepala la kucipatala kapena khadi la ZAPD kwa a sosho welofeya ndi kupempha kuti zolembedwa za banja lake zisinthidwe, kuti alandire K1,200 m'malo mwa K800.

Funso: Munthu angadziwe bwanji ngati vuto la malipiro ndi lake yekha kapena ndi la onse?

Yankho: Afunse anzake olandira a m'dera lomwelo. Ngati onse sanalandire, ndiye kuti malipiro acedwa kucokera kumwamba, monga zinacitikira kawirikawiri mu 2019 ndi 2020, pambuyo pakuti maiko ena othandiza anaimitsa thandizo lao mu 2018 cifukwa ca kusayenda bwino kwa ndalama za ndondomekoyi. Pamenepo ofesi ya m'boma ingathe kufotokoza, koma siingathe kulipira ndalama zimene sizinatumizidwe. Koma ngati anzake onse alandira ndipo iye yekha watsala, vuto lili pa dzina lake, pa nambala ya citupa, pa nambala ya foni, kapena pali wina amene wamutengera. Pamenepo asayembekezere malipiro ena, apereke dandaulo mwamsanga.

Funso: Cimacitika n'ciani wolandira akamwalira kapena banja likasamuka?

Yankho: Popeza thandizoli ndi la banja, imfa ya wolandira iyenera kunenedwa kwa a komiti ndi ku ofesi, kuti aone ngati otsalawo akali oyenera ndi kulembetsa wina m'malo mwa malemuyo. Ngati malemuyo anali kukhala yekha, thandizo limatha, ndipo silikhala cuma ca masiye coti acibale agawane. Kupitiriza kutenga ndalama m'dzina la womwalira popanda kudziwitsa ofesi ndi cinyengo. Banja losamuka liyeneranso kudziwitsa ofesi lisanacoke, cifukwa dzina lake limakhala lomangika ku dera ndi malo olipirira kumene linalembedwa.

Funso: Nanga ngati nkhani ndi ya katangale kapena nkhanza, kapena unduna sunayankhe?

Yankho: Nkhani ya kuba ndalama za olandira kapena kupempha ciphuphu inganenedwe ku polisi kapena ku bungwe lolimbana ndi katangale la ACC, kuonjezera pa kudziwitsa ofesi ya sosho welofeya. Nkhani ya kuumiriza munthu kugonana siyenera kuyembekezera tsiku lotsegula bokosi la madandaulo, kapena kukambidwa pa msonkhano wa m'mudzi. Wocitiridwayo apite msanga kucipatala ndi ku nthambi ya polisi yothandiza ocitiridwa nkhanza, kapena atume foni kwaulere pa nambala 933, ndipo ngati ndi mwana, pa nambala 116.

Munthu amene wayenda njira zonse za unduna, pa boma, pa cigawo ndi ku likulu, koma aona kuti nkhani yake inanyalanyazidwa kapena inaweruzidwa mokondera, angapereke dandaulo ku ofesi ya Mtetezi wa Anthu, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo a dziko okonzedwanso mu 2016 kuti izifufuza kusayendetsa bwino nchito m'maofesi a boma. Kumeneko adzafunsidwa kumene anayambira ndi zimene anayankhidwa, ndipo masiku ndi maina amene analemba pa nthawi yopereka dandaulo loyamba ndiwo adzakhala umboni wake.